Pepala la Msonkho Limene Limagwetsa Tenda Mtengo Usanaonedwe

Khonsolo, chipatala cha boma kapena unduna ukaitanitsa tenda, komiti younika siyamba ndi mitengo. Imayamba ndi mapepala: chiphaso chosonyeza kuti bizinesi inalembetsedwa, cha bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA, ndi setifiketi ya msonkho yochokera ku MRA. Pepala limodzi likasowa, kapena likakhala lakuti linatha mphamvu, envelopu yonse imaikidwa pambali. Ngakhale mtengo wanu utakhala wotsika kuposa wa wina aliyense, palibe amene adzauyang'ane.

Setifiketi ya msonkhoyi, imene pa mafomu imalembedwa kuti Tax Clearance Certificate kapena TCC, si risiti. Risiti imangonena kuti tsiku lakuti munalipira ndalama zakuti. Setifiketiyi ndi umboni wa MRA wakuti inuyo mulibe mlandu wa msonkho: malipoti onse amene mumayenera kupereka munapereka, ndipo ngongole mulibe, kapena ngati ilipo munagwirizana nawo za kabwezedwe kake.

Chifukwa chimene boma limaifunira n'chosavuta kumva. Ndalama zimene khonsolo ikugulira madesiki kapena nyemba za odwala n'zochokera ku msonkho, ndiye sikungakhale chilungamo kuzipereka kwa munthu amene amazemba msonkhowo. Komanso wozemba angathe kutchipitsa katundu wake kuposa mnzake amene amalipira mokhulupirika, ndipo pakanapanda pepalali, wokhulupirikayo ndiye akanamagonja nthawi zonse. Pali chifukwa chinanso chimene sichinenedwa kwambiri. MRA singafike pa sitolo iliyonse, choncho imadikira pa khomo limene wabizinesi sangalilambalale. Gawo 85A la lamulo la msonkho limatchula zinthu zimene sizingatheke popanda setifiketiyi, monga kugulitsa katundu ku boma, kusintha umwini wa malo ndi nyumba, kuonjezera masiku a chiphaso cha COF cha galimoto ya malonda, ndi kuonjezera masiku a malaisensi ena a ntchito. N'chifukwa chake mwini minibasi amene sanaganizepo za tenda amapezekanso akuifuna.

Kapezedwe kake kamayamba ndi nambala ya msonkho, imene ambiri tinazolowera kuitchula kuti TPIN, ndipo tsopano imalembedwa kuti TIN. Munthu amaitenga ku MRA ataonetsa chiphaso cha unzika ndi chiphaso cholembetsera bizinesi. Akatero amatsegula akaunti pa Msonkho Online, pamene amatumizira malipoti ndi kuona zimene akuyenera kulipira. Pempho la setifiketi limachitikira pomwepo, ndipo limafuna kuti munene chimene mukuifunira, chifukwa ya tenda si imodzimodzi ndi yosinthira umwini wa malo. Kudzaza pempholi n'kwa mphindi zochepa. Chimene chimatenga nthawi ndi zimene ofisala amapeza akatsegula mbiri yanu.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Dedza amene amagulitsa mapepala, zolembera ndi inki kumaofesi. Analembetsa bizinesi yake, ndipo pofuna kuti makampani akuluakulu azimugula, analembetsanso VAT. Chaka chatha anaperekera khonsolo katundu wa K4,000,000. Pomulipira, khonsolo inadula msonkho wa 3 peresenti umene ogula otere amadula pa katundu, ndiye kuti K120,000. Kenako malonda anaima kwa miyezi isanu. Mayiyo anati poti sakugulitsa kanthu, palibe chokanena ku MRA. Tsopano tenda ina yatuluka, ikutsekedwa Lachisanu, ndipo iye wapempha setifiketi Lolemba. Yankho labwera lakuti sizitheka.

Vuto loyamba ndi miyezi isanu ija. Munthu akalembetsa VAT amayenera kutumiza lipoti mwezi uliwonse pasanadutse pa 25 mwezi wotsatira, kaya wagulitsa kaya sanagulitse. Ngati sanagulitse amatumiza lipoti lopanda kanthu, losonyeza ziro. Kompyuta ya MRA siidziwa kuti malonda anaima. Imangoona mipata isanu, ndipo lipoti lochedwa limabwera ndi chindapusa ngakhale msonkho wake uli ziro. Apa m'pamene amalonda ang'onoang'ono ambiri amagwera, ndipo zimandiwawa chifukwa ambiri a iwo si akuba. Palibe amene anawauza tsiku lolembetsa kuti msonkho uliwonse umene walembedwa pa dzina lawo uli ndi masiku ake. Amene analembetsa PAYE chifukwa anali ndi antchito amayenera kutumiza zake pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo antchitowo akachoka ayenera kukauza MRA, osangokhala chete.

Vuto lachiwiri ndi K120,000 ija. Ndalamayo ndi msonkho wake wa mayiyo umene unalipiridwiratu, ndipo iyenera kuchotsedwa pa msonkho wa phindu la chaka chonse. Koma kuti ichotsedwe pamafunika umboni, womwe ndi setifiketi ya msonkho wodulidwa imene wodulayo amayenera kupereka. Mayiyo sanaifunse. Ndiye lipoti lake la chaka, limene limayenera kufika pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesi chitatha, likuonetsa ngongole yaikulu kuposa yeniyeni. Ayenera kubwerera ku ofesi ya zachuma ya khonsolo kukaitenga, ndipo aliyense amene anatsatirapo pepala m'maofesi otere akudziwa kuti masiku anayi sakwana.

Chimene mayiyo angachite ndi ichi: atumize malipoti asanu otsalawo, aone ngongole yonse imene yatuluka pamodzi ndi zindapusa, alipire ku banki pogwiritsa ntchito nambala ya malipiro imene Msonkho Online imapereka, kenako apemphenso. Nambalayo isanyalanyazidwe, chifukwa ndalama yolowa pa msonkho wina kapena mwezi wina imasiya ngongole ikuonekabe ngakhale risiti ili m'manja. Ngati ngongoleyo yamukulira, apite ku ofesi ya MRA ya m'dera lake akapemphe kulipira pang'onopang'ono. Akagwirizana n'kumasunga pangano, angathe kupatsidwa setifiketi. Koma tenda ya Lachisanu ija mwina yamudutsa.

Pa nthawi ngati imeneyi m'pamene madobadoba amatulukira, n'kumati, "Mayi, musavutike, mawa lomwe ikhala itatuluka, mungotipatsa kangachepe." Setifiketi yeniyeni saigulitsa, ndipo palibe amene angaitulutse pa mbiri imene ili ndi mipata. Chimene munthu amalandira kwa anthu otere nthawi zambiri ndi pepala la wina losinthidwa dzina. Komiti ya tenda ingathe kufunsa ku MRA ngati nambala ya setifiketiyo ndi yoona, ndipo zikadziwika kuti ndi yachinyengo, nkhani siithera pa kuluza tenda imodzi. PPDA ili ndi mphamvu yoletsa bizinesiyo kuchita malonda ndi boma kwa nthawi, ndipo chinyengocho pachokha ndi mlandu wa kukhoti.

Setifiketi ikatuluka, iwerengeni bwino. Dzina la bizinesi ndi nambala ya msonkho zifanane ndi zimene zili pa mapepala ena a tenda, chifukwa setifiketi ya dzina lanu la kubadwa siithandiza kampani imene ili ndi nambala yakeyake. Onaninso tsiku limene ikutha mphamvu. Imayenera kukhala yamphamvu pa tsiku lotsekera tenda, ndipo maofesi ambiri amaifunanso polipira, patapita miyezi katundu ataperekedwa. Yatsopano muipemphe kudakali mwezi wathunthu yakaleyo isanathe, kuti ngati pali lipoti lotsala kapena ndalama yolowa polakwika mukhale ndi nthawi yokakonza.