Jekete ndi labwino, koma dzuwa lili mbali iti?

Mnzanga wina anandionetsa chithunzi chake chofunsira ntchito. Anajambulitsa pakhonde atavala tisheti yofiira, kenako anagwiritsa ntchito Generative Fill ya mu Photoshop kudziveka jekete lakuda. Jeketelo linamukhala ndithu, koma ukangoyang'ana unkaona kuti mutu ndi wongomata. Kusoka kunalibe vuto. Chinalakwika ndi kuwala.

Musanasinthe chovala, yambani mwafunsa nkhope kuti kuwala kukuchokera kuti. Mthunzi wa mphuno umagwera mbali yotalikirana ndi kuwala, ndipo kadontho kowala ka m'diso kamakhala mbali imene kuwalako kukuchokera. Pa chithunzi cha mnzangayu kadonthoko kanali kumtunda chakumanja, tsaya lakumanzere lili mumdima pang'ono. Koma jekete linawala mofanana mapewa onse awiri, ngati la pachidole cha m'sitolo.

Kulembera pulogalamu kuti kuwala kuchokere kumanja kumathandiza, ngakhale simvera nthawi zonse. Ife tinaipangitsa majekete angapo n'kusankha limene phewa lake lowala linagwirizana ndi tsaya lowala. Lowala mbali yolakwika musavutike nalo, chifukwa khwinya lililonse limakhala ndi mthunzi wake, ndipo simungawatembenuze onse ndi burashi.

Ntchito yeniyeni ili pakhosi. Chibwano chimaponya mthunzi pakolala, kolalayo n'kuponyanso kamthunzi kakang'ono, kakuda kwambiri, pomwe yakhudza khungu. Kamthunzi aka kakasowa, chovala chimaoneka ngati chikuyandama. Tinatsegula leya yatsopano, kuiika pa Multiply, n'kutenga mtundu pamthunzi womwe unalipo kale pansi pa chibwano. Penti yakuda bii imangodetsa chithunzi ngati mwaye. Ndi burashi yofewa, Opacity ili cha pa 20%, tinapaka pang'onopang'ono kumanzere kwa kolala, m'khwapa ndi pansi pa mkono. Apa muyang'anenso m'mphepete mwa mthunzi wa mphuno. Dzuwa la masana limadula mthunzi wakuthwa, pomwe pakhonde kapena kukachita mitambo umasungunuka. Wa pachovala utsatire womwewo.

Panatsala chinthu china chimene ambiri sachiona. Tisheti yofiira ija inali itabwezera kuwala kofiirira pansi pa chibwano, ndipo pulogalamu inachotsa tisheti n'kusiya kufiirako. Jekete lakuda silingafiiritse khosi la munthu. Tinakuchepetsa ndi Hue/Saturation pamalo okhawo.

Poyesa ngati zatheka, chotsani mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera, muchichepetse ngati cha pachiphaso, n'kuchiyang'ana mutatsinzina pang'ono. Mbali yowala ya nkhope ndi ya chovala zikhale kumodzi. Ndipo ngati chithunzicho simunajambule, imani pamthunzi mutavala malaya otuwa okhala ndi kolala. Mudzapeza ntchito yapakhosi ija itachepa kale.