Mwana wapeza laisensi? Auzeni a inshuwalansi

Kampani ya inshuwalansi imawerengera mtengo poyang'ana amene agwire chiwongolero. Mukaonjezera mwana wazaka 19 amene wangopeza kumene laisensi, ndalama zolipira zimakwera, chifukwa oyamba kumene amachita ngozi kawirikawiri. Makampani ambiri amaonjezeranso ndalama imene mumatulutsa m'thumba mwanu ngozi ikachitika woyendetsa asanakwanitse zaka 25.

Muwauze zaka zake, tsiku limene anatenga laisensi, ngozi iliyonse imene anachitapo, komanso ngati galimotoyo aziyendera tsiku ndi tsiku kupita kukoleji. Apa mpamene makolo ambiri amagwa m'mbuna: amalembetsa kuti woyendetsa weniweni ndi bambo, chonsecho makiyi amagona m'thumba mwa mwana. Limenelo ndi bodza, ndipo kampani ikatulukira ikhoza kukana kukonzetsa galimotoyo.

Musamupatse makiyi dzina lake lisanalembedwe papepala la inshuwalansi.