Sikani yatuluka: mafunso amene mayi wa tomato anapita nawo kwa dokotala

Pamsika wina wa m'tauni muli mayi wa zaka 44 amene amagulitsa tomato ndi anyezi. Dzina lake tilisunge. Kwa miyezi yambiri msambo wake unkatenga masiku asanu ndi atatu kapena kupitirira, magazi akutuluka ambiri, nthawi zina ndi zibulumwa. Ankati akatula dengu la tomato kuchokera kopikula, mtima unkagunda kwambiri, maso n'kuchita chidima. Anzake apabenchi ankamuuza kuti ndi kukula, kusamba kukufuna kusiya. Tsiku lina atatsala pang'ono kugwa akuthira madzi pa tomato, mwana wake wamkazi anamukakamiza kupita kuchipatala. Kumeneko anamuyeza magazi, namulembera kuti akajambulitse sikani ya m'mimba.

Sikani imene anamulemberayo ndi ija amajambulira amayi oyembekezera. Wojambula amapaka mafuta ozizira pamimba, n'kumayendetsapo kachipangizo kamene kamatumiza mafunde a mawu omwe khutu silingamve. Mafundewo akagunda ziwalo za m'kati amabwerera, ndipo makina amawasandutsa chithunzi. Siipweteka, ndiponso ilibe cheza chonga cha ekisileyi. Akafuna kuona chiberekero kudzera pamimba, amauza wodwala kuti amwe madzi ambiri ndipo asakodze, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakankhira matumbo pambali, chiberekero n'kuoneka bwino. Mayi uja palibe anamufotokozera zimenezi. Anangomva kuti "imwani madzi, musapite kuchimbudzi", iye n'kumvera.

Chimene chinamusowetsa mtendere ndi chete wa wojambula. Bamboyo anayang'anitsitsa pa makina, nabwereza malo amodzi kangapo, akudina mabatani. Atamaliza analemba mawu achingerezi papepala, nalilowetsa m'buku lake la kuchipatala. "Mayi, mukawaonetse adokotala tsiku limene akulemberani." Tsikulo linali patapita milungu iwiri.

Chete ameneyu ambiri amamumva molakwa. Wojambula akamaima pamalo amodzi amakhala akuyeza kutalika ndi kufupika kwa chimene akuona, ndipo amachita zimenezi ngakhale pa chiwalo chabwinobwino. Kawirikawiri iye si amene akutsatira matenda anu. Sanamve mbiri yonse, zotsatira za magazi sanazione, choncho amasiyira amene anakutumizani kuti alumikize zonse pamodzi. Nkhope yake siikuuzani chilichonse. Koma muli ndi ufulu womufunsa funso limodzi musanatuluke: "Kodi mwaona chilichonse chofunika kuti ndionane ndi adokotala lero lomwe, kapena ndidikire tsiku langa?" Funso limeneli angathe kuliyankha, ndipo likadamuchotsera mayi uja theka la nkhawa.

Milungu iwiri ija inali yowawa. Pepala linayenda m'manja mwa anthu angapo pamsika. Mnyamata wogulitsa matumba a pulasitiki, amene anafika folomu 4, anawerenga n'kunena kuti alembapo za chotupa. Mawu akuti chotupa atangomveka, wina anakumbutsa za mlamu wake amene anamwalira ndi khansa, wina anatchula sing'anga wodziwa "kusungunula zotupa", wina anabweretsa botolo la mankhwala azitsamba la mtengo wofanana ndi mpamba wa sabata yonse. Mayiyo anasiya kugona. Anayamba kulakwitsa chenji, ndipo anaganiza zokatenga masheya ake onse ku banki m'khonde kuti akonzekere zimene sanazidziwe n'komwe.

Amene anasintha zinthu ndi mnzake wogulitsa usipa, yemwe anakhalapo gadiyani wa mayi ake kwa nthawi yaitali pachipatala chachikulu. Iye anati: "Achemwali, m'chipinda muja simukhalitsamo. Mukangoti inde, inde, mutuluka ndi mapiritsi koma mutu uli mbuu. Pokapikula tomato mumafunsa mtengo, mumafunsa tsiku limene anathyola. Nanga thupi lanu muliopere chiyani?" Madzulo ake mwana wamkazi uja anatenga tsamba la m'kope, nalemba mafunso amene mayi ake ankatchula. Analembanso zimene dokotala angafune kudziwa: tsiku limene msambo wathawu unayamba, masiku amene unatenga, kangati patsiku ankasintha nsalu, ndi mankhwala onse amene anamwa, azitsamba omwe.

Anthu ambiri kwathu kuno tinaleredwa kuti wamkulu kapena wophunzira safunsidwafunsidwa, ndipo pamzere pakakhala anthu ochuluka timachita manyazi kuchedwetsa anzathu. Ulemu ndi wabwino, koma ulemu umene ukutulutsa m'chipinda usakudziwa dzina la matenda ako ndi woononga. Dokotala sangadziwe kuti simunamve ngati mukugwedeza mutu.

Tsiku litafika analowa awiri, mayi ndi mwana wake. Dokotala anawerenga pepala, nati m'chiberekero muli zotupa ziwiri zotchedwa mafaibuloidi, n'kuyamba kulemba mankhwala. Mayiyo anatulutsa tsamba lija m'chikwama, manja akunjenjemera. "Pepani adokotala, ndili ndi timafunso. Kodi imeneyi ndi khansa?"

Dokotala anaika cholembera pansi. Anafotokoza kuti mafaibuloidi ndi zotupa zomera kuchokera ku mnofu wa chiberekero chenichenicho, kuti ndi zofala kwambiri mwa amayi a msinkhu wobereka, makamaka achikuda, ndipo pafupifupi zonse si khansa. Amayi ambiri ali nazo osadziwa chifukwa sizivutitsa aliyense. Zimakula mothandizidwa ndi mahomoni a msambo, n'chifukwa chake mayi akasiya kusamba kawirikawiri zimafota zokha.

Funso lachiwiri ndi limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse: "Nanga sikaniyi yaona zonse? Pali chimene singaone?" Yankho linali lakuti ayi, siiona zonse. Sikani imaonetsa kukula kwa chotupa, malo amene chili ndi maonekedwe ake, ndipo dokotala amaweruza potengera zimenezo. Kutsimikiza kotheratu kuti kachidutswa ka thupi kali ndi khansa kapena ayi kumachitika kulabotale, akadula pang'ono n'kukaunika. Chachikulu n'chakuti sikani ya pamimba siiona zizindikiro zoyambirira za khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndi khansa imene imapha amayi ambiri m'Malawi. Imeneyo ili ndi kayezedwe kakekake: namwino amayang'ana khomolo atapakapo viniga, malo amene ayamba kusintha amayera, ndipo zotsatira zimadziwika tsiku lomwelo. Mayi uja anali asanayezetsepo. Akadapanda kufunsa, akadapita kwawo akuganiza kuti sikani yamuyeretsa mbali zonse. Anamutumiza kukayezetsa m'mawa womwewo, ndipo sanamupeze ndi vuto.

Papepala panali manambala amene mnyamata wa pamsika sanathe kumasulira. Chotupa chachikulu chinali masentimita 6, chaching'ono masentimita 3. "Masentimita 6 ndiye kuti bwanji, adokotala?" Dokotala anamufunsa ntchito imene amagwira, kenaka anati chachikulucho ndi chonga tomato wapakatikati wa pamulu. Anaonjeza kuti kukula kokha sikunena zonse. Chotupa chaching'ono chimene chatulukira m'kati mwa chiberekero, mmene mumachokera magazi a msambo, chingatayitse magazi ambiri kuposa chachikulu chimene chamera chakunja. Chakunjacho chimavutitsa mwa njira ina: chimapsinja chikhodzodzo, munthu n'kumakodza pafupipafupi, kapena chimapsinja matumbo n'kumadzimbidwa.

Kenaka anafika pa nambala imene palibe anailabadira milungu iwiri yonse ija. M'buku munalembedwa Hb 8.5. Umenewu ndi muyeso wa mphamvu ya magazi yonyamula mpweya m'thupi. Kwa mayi amene si woyembekezera, ukatsika pansi pa 12 ndiye kuti magazi achepa, ndipo pansi pa 8 ndiye kuti achepa kwambiri. Chizungulire ndi kugunda kwa mtima kuja kunkachokera apa. Mayiyo ankaopa chotupa usiku ndi usana, pamene chimene chinkafuna kumugwetsa pabenchi chinali kuchepa kwa magazi. Anamupatsa mapiritsi a ayironi, namuchenjeza kuti chimbudzi chidzada ndipo asadabwe, kuti asamamwere tiyi chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi, ndiponso kuti asasiye akangoyamba kumva bwino, popeza nkhokwe ya ayironi imatenga miyezi kuti idzaze. Chiwindi, usipa, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, koma pa muyeso wotsika chonchi chakudya chokha sichikwanira.

"Nanga opaleshoni ndi yokakamiza? Ndikapanda kuchita chilichonse chichitika n'chiyani?" Apa ndi pamene mayiyo anazindikira kuti njira si imodzi. Pali mankhwala ochepetsa kutaya magazi amene amamwedwa masiku a msambo okha. Palinso njira zina zolera za mahomoni zimene zimachepetsa msambo. Zonsezi sizichotsa chotupa, koma zingamusunge mayi wa zaka 44 ali ndi mphamvu mpaka adzasiye kusamba. Zikakanika, pali opaleshoni yochotsa zotupa zokha, chiberekero n'kutsala, ngakhale kuti zina zimatha kudzameranso. Ina ndi yochotsa chiberekero chonse, imene imathetseratu vutolo koma imatseka kubereka. Iye ali ndi ana anayi ndipo sakufunanso wina, koma anafunsa funso la munthu wa geni: "Ndikachitidwa opaleshoni, dengu ndidzasenza liti?" Anamuuza kuti opaleshoni yotsegula pamimba imafuna pafupifupi milungu isanu ndi umodzi osanyamula zolemera. Kwa munthu amene amadya zimene wagulitsa tsiku lomwelo, imeneyi ndi nkhani yaikulu, ndipo dokotala sangaidziwe mukapanda kuitchula. Anagwirizana zoyamba ndi mankhwala, kuyezanso magazi pakatha mwezi, ndi kujambulanso sikani mtsogolo kuti aone ngati zotupazo zikukula.

Asanadzuke anafunsa za zizindikiro zofunika kuthamanga nazo osadikira tsiku. Mwana wake analemba mmene dokotala ankanenera: magazi onyowetsa nsalu kapena padi ola lililonse kwa maola angapo, kukomoka kapena kubanika ngakhale atangokhala, kupweteka kwadzidzidzi kwa m'mimba, kulephera kukodza, mimba kukula mofulumira. Anawonjezera kuti kutaya magazi pambuyo pogonana, kapena magazi kubwerera mayi atasiya kale kusamba, asadzangoti ndi zotupa zija ayi, adzabwere adzamuyeze.

Pomaliza mayiyo anabwereza zonse m'mawu ake: "Ndiye kuti ndili ndi zotupa ziwiri zimene sizikuoneka ngati khansa, magazi anga ndi ochepa, mapiritsi awa ndizimwa tsiku lililonse, awa ndi a masiku a kumwezi okha, ndipo ndibwere pakatha mwezi." Pobwerezapo ndi pamene zinadziwika kuti poyamba anasokoneza mitundu iwiri ya mapiritsiyo, ndipo anamukonza pomwepo. Anapemphanso kuti tsiku lobwerera alilembe m'buku.

Ngati muli ndi pepala la sikani m'chikwama ndipo mukudikira tsiku lanu, musaliyendetse pamsika kuti anthu akumasulireni. Lembani mafunso anu, loopsa kwambiri likhale loyamba, tengani buku lanu ndi mankhwala onse amene mukumwa, ndipo pitani ndi munthu amene angakulembereni mayankho.