Kalata yomaliza ya mayi wa ku malipiro

Lachitatu lina m'mawa, tisanamwe n'komwe tiyi, m'makompyuta mwathu tonse munagwa imelo ya mayi amene ankakonza malipiro pa kampani ina ku Limbe komwe ndinkagwira ntchito. Anali atakhalapo zaka 17. Mayiwa anayamba ntchito masiku amene malipiro ankabwera mu envelopu, ndipo ankadziwa ngongole ya aliyense popanda kuulula ya munthu ndi mmodzi yemwe. Makalata otsanzika ndawerengapo ambiri, koma yawo yokhayi ndi imene ndinaisunga.

Choyamba chimene anakhoza ndi tsiku. Ntchito ankasiya Lachisanu, koma kalata anatumiza Lachitatu. Pa makampani ambiri, a zamakompyuta amatseka akaunti ya munthu pa tsiku lake lomaliza, mwina asanaweruke n'komwe. Ndiye amene amatumiza imelo yake Lachisanu 4 koloko madzulo amakhala ngati munthu wofuula "ndapita" ali kale pa msewu: anzake akamayankha Lolemba, mayankhowo amabwerera kwa eni ake kapena kugwera m'bokosi limene palibe adzalitsegule. Kutumiza msanga kwambiri nakonso n'kulakwitsa. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo ena amangoti akapereka notisiyo, tsiku lomwelo atsanzika kampani yonse. Kenako amakhala milungu inayi akukumana m'makhonde ndi anthu amene anawatsanzika kale, aliyense n'kumafunsa kuti, "Kodi mukadalipo?" Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira. Komanso abwana ndi amene amakulowa m'malo azikhala atamva kale pakamwa pako. Bwana akamvera pa imelo ya gulu kuti munthu wake akuchoka, amaona ngati wamuvula pagulu.

Kalatayo inali yaifupi, yosafika ndi theka la tsamba. Pa Subject analemba kuti "Kutsanzika: tsiku langa lomaliza ndi Lachisanu". M'kati munali mawu ngati awa, monga ndikuwakumbukira:

"Anzanga nonse, Lachisanu lino ndi tsiku langa lomaliza pano patatha zaka 17. Kuyambira Lolemba, nkhani zonse za malipiro, ovataimu ndi ngongole muzipita nazo kwa wachiwiri wanga, pa desiki lomwe lija. Mafomu a ovataimu a mwezi uno afike lisanakwane tsiku la 20 monga mwa nthawi zonse. Sindidzaiwala chaka chija magetsi anazima masiku atatu kumapeto kwa mwezi, tonse n'kuwerengera malipiro pa kandulo, a ku sitolo akutigwirira tochi. Amene ndinakulakwirani, ndikhululukireni. Nambala yanga ndi yomwe ija."

Taonani kuti nkhani ya ntchito yabwera patsogolo, zachikumbutso pambuyo. Munthu akachoka atakhala nthawi yaitali chotere, funso loyamba m'mitima ya otsala silikhala lakuti akupita kuti. Limakhala lakuti, "Nanga fomu yanga ndikapereka kwa ndani?" Mayiwa anayankha funsolo asanafunsidwe. Ndipo chikumbutso anasankha chimodzi chokha, chimene aliyense amene analipo nthawiyo akanachiona m'maso mwake. Mawu akuti "ndaphunzira zambiri kwa inu nonse" ndi oona mwina, koma angalembedwe ndi aliyense, pa kampani iliyonse, ngakhale munthu amene wakhalapo miyezi itatu.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti sanatchule dzina la munthu aliyense pomuthokoza. Poyamba ndinaona ngati kuuma mtima. Ndinazamvetsa patapita chaka, bambo wina wa ku zamalonda atatsanzika ndi kalata ya masamba awiri yodzaza maina. Anatchula anthu oposa 20, kuyambira mabwana mpaka anzake omwera nawo. Anaiwala kalaliki amene anamukonzera mainvoisi zaka zisanu ndi chimodzi. Mtsikanayo anawerenga kalata ija kawiri, chala chili pa sikirini kufunafuna dzina lake, kenako n'kutuluka panja mwakachetechete. Mndandanda wa maina umawerengedwa ndi amene mulibemo. Mayi wa ku malipiro uja anathana nazo mwa njira ina: kwa gulu analemba zachidule, ndipo anthu ochepa amene anali nawo pafupi anawalembera aliyense payekha, mizere itatu kapena inayi, yonena chinthu chenicheni chimene munthuyo anawachitira.

Bambo uja analakwitsanso pena. Pakati pa zothokozazo anaponyamo chiganizo chakuti, "ngakhale ena sankafuna kuti tikwere." Mwina ankanena zoona, ine sindikutsutsa. Koma imelo ya kuntchito imatsala pa makina a kampani iwe utapita, ndipo dzuwa lisanalowe wina amakhala ataijambula n'kuiponya pa gulu la WhatsApp. Kuno kwathu lamulo la m'chaka cha 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti limalola kuti uthenga wotere ukhale umboni m'khoti, choncho amene ali ndi dandaulo loti akapite nalo ku khoti la zantchito asamayambe kulizenga mu imelo yotsanzika. Ngakhale popanda za khoti, Blantyre ndi wamng'ono. Amene wamubaya m'kalatamo ndi yemweyo amene bwana wako watsopano adzamuimbira foni kufunsa za khalidwe lako. Akuluakulu ankati pochoka usamatseke ndi mwala, uzitseka ndi mayani. Chizindikiro chakuti kalata yalowa kolakwika n'chosavuta: ukaona mawu akuti "ena", "ngakhale" kapena "Mulungu ndiye akudziwa", chotsa chiganizo chonsecho.

Pali kanthu kena kamakina kamene kamasautsa. Ukaika maadiresi onse pa To, wina akadina Reply All kuti alembe "muyende bwino amayi", uthengawo umapita kwa aliyense, ndipo anthu 80 amatha tsiku akufufuta madalitso a eni. Mayiwa anaika adiresi yawo pa To, gulu lonse pa Bcc, mayankho n'kumabwera kwa iwo okha. Makasitomala ndi mabanki sanawasakanize m'menemo; amenewo anawalembera kalata ina, abwana atavomereza, yowadziwitsa munthu watsopano. Anatcheranso yankho lodziyankha lokha mu Outlook, lotchula amene walowa m'malo mwawo. Za satifiketi yosiyira ntchito, masiku atchuthi otsala ndi penshoni sanazitchule n'komwe, poti zimenezo n'zokambirana ndi a ofesi yoona za antchito chitseko chili chotseka. Ndipo poti ankasunganso ndalama za chipereganyu cha mu ofesi, anayamba apereka kope ndi ndalama zonse pamaso pa mboni ziwiri Lachiwiri, kuti kalata ya Lachitatu isadzutse manong'onong'o.

Komabe imelo ili ndi malire ake, ndipo mayiwa ankawadziwa chifukwa maina onse a pa ndandanda wa malipiro ankadutsa m'manja mwawo. "Nonse" wa pa kompyuta si onse. Madalaivala, alonda, amesenjala ndi amayi okolopa analibe adiresi ya kampani. Choncho Lachinayi anasindikiza kalata ija n'kuimata pa bolodi la pafupi ndi geti, kenako anayenda wapansi kukalowa ku galaja ndi ku kanyumba ka alonda, akugwirana chanza ndi aliyense. Mlonda wa usiku ankalowa 6 koloko, ndiye anamudikira, chikwama chili pamiyendo, atakhala pa benchi ya alendo. Atafika, mayiwa anaimirira n'kunena kuti, "Bambo, ine mawa ndikumaliza. Ndimati ndisachoke ngati wakuba." Mkuluyo anavula chipewa, n'kuwaperekeza mpaka pa siteji ya minibasi.