Mphindi 78 zomwe zinagwetsa makompyuta 8.5 miliyoni

Lachisanu pa 19 Julayi 2024, nthawi ili 6:09 m'mawa pa wotchi ya ku Malawi, kampani ya ku America ya CrowdStrike inatumiza kafayilo kakang'ono ku makompyuta a makasitomala ake padziko lonse. Pofika 7:27 inali itakachotsa kale, n'kubwezeretsa zomwe zinalipo poyamba. Pakatipa panadutsa mphindi 78 zokha, koma zinakwanira kusokoneza dziko. Ku Britain wailesi ya kanema ya Sky News inazima kwa kanthawi, ndipo madokotala ambiri analephera kuona mbiri ya odwala awo pa kompyuta. Ku South Africa makasitomala a banki ya Capitec anavutika kupeza thandizo. Ku America kampani ya ndege ya Delta inalephereretsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku asanu. Microsoft inawerengera kuti makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni ndi omwe anagwa.

Zoterezi zikachitika, zinthu zikangokhala m'malo mwake mainjiniya amakhala pansi n'kulemba lipoti lopita kwa anzawo a pa ntchito. Mmenemo amafotokoza chomwe chinachitika ndi nthawi yake, chomwe chinachititsa, mmene anabwezera zomwe anatumizazo, ndi zomwe zisinthe kuti zisadzabwerenso. Malipoti ambiri otere amathera m'kati mwa kampani momwemo, wakunja sawaona. La CrowdStrike linatuluka poyera chifukwa ovulala anali ochuluka: loyamba pa 24 Julayi, ndipo lofufuza gwero lenileni pa 6 Ogasiti. N'chifukwa chake lili chitsanzo chabwino kwa yemwe akufuna kuona mmene lipoti lotere limamangidwira.

Limayamba ndi nthawi, ndipo nthawiyo imalembedwa mwa UTC, wotchi imodzi yomwe anthu a m'mayiko osiyana amagwirizanapo: fayilo inatumizidwa 04:09, inabwezedwa 05:27. Izi sizilembedwa pofuna kukometsera. Katswiri yemwe anali ndi kompyuta yakufa patsogolo pake ankayang'ana nthawi yomwe fayiloyo inasindikizidwa. Ikakhala ya 04:09, ndiyo yoipayo. Ikakhala ya 05:27 kapena pambuyo pake, ndi yabwino. Lipotilo linatchulanso malire a vutolo: makompyuta a Windows okha, omwe anali ndi pulogalamu ya Falcon ya nambala 7.11 kapena yoposerapo, ndipo anali oyatsa ndi olumikizika ku intaneti m'mphindi zimenezo. A Mac ndi a Linux sanakhudzidwe. Kampaniyo inanenanso mosapita m'mbali kuti sizinali akuba a pa intaneti. Wowerenga akadziwa zimenezi amaleka kufufuza komwe kulibe vuto.

Gwero lake ndiye nkhani yopatsa chidwi. Falcon ndi mlonda: ntchito yake ndi kuona ngati mu kompyuta mwalowa pulogalamu yoipa. Kuti aone zonse, mlondayu amakhala m'kati mwenimweni mwa Windows, m'chigawo chomwe akatswiri amachitcha kenelo. Pulogalamu wamba, monga yolembera makalata, ikalakwitsa imangotseka yokha, kompyuta n'kupitiriza ntchito. Koma ya mu kenelo ikalakwitsa, Windows imaimitsa zonse poopa kuwononga zambiri, n'kuonetsa sikirini ya buluu ija. Pa makompyuta ambiri tsikulo panalembedwa `PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA`, ndipo dzina lotchulidwa linali `csagent.sys`, lomwe ndi la Falcon.

Poti akuba amasintha njira zawo tsiku ndi tsiku, CrowdStrike sidikira kutulutsa pulogalamu yatsopano kuti mlonda adziwe zachilendo. Imangomutumizira timafayilo ta malangizo, nthawi zina kangapo pa tsiku, tonena zizindikiro zoti aziyang'ana. Kamodzi mwa ito ndi ka nambala 291.

Mu Febuluwale 2024, pulogalamu ya 7.11 inabwera ndi luso latsopano loona mmene mapulogalamu a mu Windows amatumizirana mauthenga. Popanga lusoli analemba kuti malangizo ake aziyang'ana zinthu 21. Koma mbali ya pulogalamu yomwe imasonkhanitsa zinthuzo inkapereka 20 zokha. Tiyerekeze kalaliki yemwe wapatsidwa kaundula wa mizere 20, bwana n'kumuuza kuti awerenge mzere wa 21. Munthu akhoza kuyankha kuti kulibe. Pulogalamuyi inalibe pomwe inauzidwa kuti iziyamba yaona kutalika kwa kaundula, choncho inangopitirira n'kukawerenga kunja kwa tsamba, m'malo a memole omwe sanali ake. Windows inagwa pomwepo.

Funso lomwe aliyense mu timu angafunse ndi lakuti: ngati cholakwikacho chinalipo kuyambira Febuluwale, bwanji sichinaonekere mpaka Julayi? Apa ndi pomwe lipoti labwino limasiyana ndi lolemba mwamwambo chabe. Malangizo oyamba a mtunduwu anatumizidwa pa 5 Malichi atayesedwa, ndipo ena atatu anatsatira pakati pa 8 ndi 24 Epulo. Onsewa anayenda bwino. Chifukwa chake n'chakuti pa chinthu cha 21 paja ankaikapo chizindikiro chotanthauza kuti chilichonse n'chololedwa, ndiye pulogalamu sinkavutika n'kukachiwerenga. Ngakhale poyesa, zitsanzo zomwe ankayesera zinali ndi chizindikiro chomwecho. Pa 19 Julayi anatumiza malangizo ena awiri, ndipo limodzi mwa iwo, kwa nthawi yoyamba, linafuna kuti chinthu cha 21 chiwerengedwedi ndi kufananizidwa ndi china chake.

Panalinso pulogalamu yoyendera malangizo asanatuluke, yotchedwa Content Validator. Iyo inawavomereza, pakuti nayonso inkadziwa kuti zinthu zilipo 21. Inayeza malangizowo ndi zomwe zinalembedwa, osati ndi zomwe zinkachitikadi mu kompyuta. Ndipo poti malangizo a m'mbuyomo anali atayenda bwino kwa miyezi inayi, kampani inawadalira atsopanowa moti sanayesedwe pa pulogalamu yeniyeni yomwe ikanawawerenga.

Lipoti la pa 6 Ogasiti linatchula zofooka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe pomwe linatchula dzina la wantchito yemwe anatumiza fayiloyo. Umu ndi mmene makampani ambiri a mapulogalamu amalembera masiku ano, ndipo buku la mainjiniya a Google la mu 2016, la Site Reliability Engineering, linathandiza kufalitsa mchitidwewu. Si chifundo chabe ayi. Munthu akadziwa kuti lipoti likufuna woti achotsedwe ntchito, amabisa zomwe anaona. Komanso pa nkhani ya CrowdStrike, aliyense yemwe akanakhala pampandopo tsikulo akanatumiza fayiloyo, chifukwa zoyezera zonse zinali zitavomereza.

Tsopano kubweza kuja. Anthu ambiri akamva kuti kampani yabweza zomwe inatumiza, amaganiza kuti vuto latha. Pa 05:27 chomwe chinatha ndi kufala kwa vutolo basi. Kompyuta yomwe inayatsidwa nthawiyi itadutsa inalandira fayilo yabwino, mwini wake sanadziwe n'komwe kuti kunja kwagwa zotani. Koma yomwe inali italandira kale yoipayo inali pa msampha: ikayaka, Falcon inkadzuka molawirira, n'kuwerenga fayilo 291, Windows n'kugwa, kompyuta n'kuyakanso, n'kugwanso. Mankhwala anali okonzeka pa seva ya kampani, koma kompyutayo sinkakhala moyo nthawi yokwanira kuti iwatenge.

Zina zinapulumuka mwamwayi, zitakwanitsa kukoka fayilo yabwino zisanagwe, makamaka zolumikizidwa ndi waya osati wayifayi. Microsoft inanena kuti ena zinawayendera atayatsa ndi kuzimitsa mpaka ka 15. Zotsalazo zinafuna munthu afike pomwe pali kompyutayo, aiyatse mu Safe Mode momwe Falcon sidzuka, afufute fayilo iyi, kenako aiyatsenso:

```
C:\Windows\System32\drivers\CrowdStrike\C-00000291*.sys
```

Kwa katswiri ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma kampani yokhala ndi makompyuta zikwizikwi, ena ali pa mabwalo a ndege, ena m'nyumba za antchito ogwirira ntchito kwawo, inayenera kuwafikira amodziamodzi. Kumene disiki inali yokhomedwa ndi BitLocker pankafunikanso kiyi wa manambala 48, wosiyana pa kompyuta iliyonse, ndipo m'malo ena seva yosunga makiyiwo nayonso inali itagwa. Mkulu wa CrowdStrike, George Kurtz, ananena pa 25 Julayi kuti makompyuta oposa 97 pa 100 aliwonse anali atabwerera, ndipo kampaniyo inati pofika pa 29 Julayi anali pafupifupi 99 pa 100. Kubweza kunatenga mphindi 78, kuchira kunatenga masiku khumi. Lipoti lomwe lingangolemba nambala yoyambayo n'kusiya yachiwiri lanamiza timu yake, ngakhale litakhala kuti silinanene bodza lililonse.

Pa zofooka zisanu ndi chimodzi zija, chomwe lipoti linachiika kumapeto ndicho chachikulu kwa munthu woyang'ana ali kunja: fayiloyo inapita kwa onse nthawi imodzi. Zolakwika zina zonse zinangochititsa kuti kompyuta igwe, koma ichi n'chomwe chinachititsa kuti agwe mamiliyoni. Mainjiniya amadziwa kalekale njira yotumiza pang'onopang'ono. Amayamba ndi makompyuta awo a mu kampani, kenako kagulu kochepa ka makasitomala, n'kudikira kuona ngati kagwa, zikakhala bwino n'kuwonjezera. CrowdStrike inkachita zimenezi ndi pulogalamu ya Falcon yeniyeniyo, ndipo makasitomala osamala ankatha kusankha kutsalira ndi yakale, kuti ena ayambe ayesa yatsopano. Koma timafayilo ta malangizo tinkaonedwa ngati uthenga chabe, osati pulogalamu, motero tinkadutsa chisankho chimenechi. Omwe ankadziona ngati otetezeka anagwa pamodzi ndi anzawo.

Gawo lomaliza la lipoti lotere ndi la zochita, ndipo wowerenga wochenjera amayang'ana ngati chochita chilichonse chikuloza chofooka chake ndiponso ngati chili ndi tsiku. Pa 25 Julayi CrowdStrike inawonjezera mu Falcon lamulo loti izitsimikiza kaye kuti chinthu chomwe ikufuna kuwerenga chilipo. Inakonza mbali ija kuti izipereka zinthu zonse 21, inasintha pulogalamu yoyendera malangizo, ndipo inaitana makampani awiri akunja kuti aunike pulogalamuyo ndi njira yonse yotulutsira zatsopano. Malangizo atsopano aliwonse tsopano amayenera kuyesedwa pa pulogalamu yeniyeni ndi kutumizidwa m'magulumagulu, ndipo kasitomala anapatsidwa mphamvu yosankha nthawi ndi makompyuta omwe alandire timafayiloti. Chisankhochi chili ndi mtengo wake: kampani yomwe yasankha kudikira imakhala maola amenewo mlonda wake asanadziwe njira zatsopano za akuba.