Kalata ya odita ku kopaletivi yatsopano: zoyenera kumvetsa musanasaine

Pa banki mkhonde bokosi limatsekulidwa pamaso pa onse, ndalama zimawerengedwa mokweza, ndipo aliyense amabwerera kwawo akudziwa zimene zatsala. Gulu likakula n’kukhala kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, yomwe ambiri amaitchula kuti SACCO, zinthu zimasintha. Ndalama zimagona ku banki, ngongole zimaperekedwa mu ofesi, ndipo membala wa ku Chinamwali kapena wa pamwamba pa phiri la Zomba amadziwa za chuma chake kudzera m’mabuku olembedwa ndi anthu ena. N’chifukwa chake makopaletivi otere, omwe amayendera lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 ndipo amayang’aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, amayenera kuitana odita wochokera kunja kuti aunike mabuku awo chaka chilichonse.

Odita asanatsekule buku ngakhale limodzi, kampani yake imatumiza kalata ya mgwirizano kuti bodi isaine. Ndondomeko ya padziko lonse yotchedwa ISA 210, yomwe maodita a m’Malawi amatsatira, imalamula kuti mfundo za ntchitoyi zilembedwe ndi kuvomerezedwa ntchito isanayambe. Kalatayi imaoneka ngati mwambo chabe, koma ndiyo imagawa udindo. Ikanena kuti ntchito ina si ya odita, ndiye kuti ntchitoyo yatsalira bodi ndi mamembala.

Zimene odita akulonjeza

Ndime zoyamba za kalata zimatchula chaka chimene chidzaunikidwe, mwachitsanzo kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala, komanso malipoti a chuma amene adzaonedwe: losonyeza chuma ndi ngongole za kopaletivi pa tsiku lotseka chaka, losonyeza phindu kapena kuluza, ndi losonyeza mmene ndalama zinalowera ndi kutulukira. Kwa kopaletivi yatsopano pali funso loyenera kufunsa pomwepa. Ngati mamembala anabwera ndi masheya ndi ngongole zawo kuchokera ku gulu lakale, kodi odita adzatsimikiza bwanji ndalama zoyambirazo? Zikalembedwa molakwika tsiku loyamba, cholakwikacho chimayenda ndi mabuku zaka zonse zotsatira.

Chimene odita akulonjeza ndi chimodzi: kupereka maganizo ake, atafufuza mokwanira, ngati malipotiwo akusonyeza chithunzi choona cha chuma cha kopaletivi. Kalata imanena poyera kuti ngakhale ntchito itagwiridwa bwino, zolakwika zina zikhoza kubisika, makamaka ngati anthu angapo anagwirizana kubisa. Mawu amenewa ndi oona, chifukwa odita saona risiti iliyonse. Amasankha zochepa zoimira zonse, ndipo amaika mlingo wa ndalama umene cholakwika chiyenera kufikapo kuti chisinthe chithunzi chonse.

Zimene bodi ikuvomera

Posaina, bodi imavomera zinthu zitatu. Choyamba, kulemba mabuku ndi kukonza malipoti a chuma ndi ntchito ya kopaletivi. Odita amaunika zimene zakonzedwa kale, monga mmene woyesa mayeso sangalembere wophunzira mayankho kenako n’kudzichongera yekha. Ngati kopaletivi ilibe wodziwa kutseka mabuku, ipeze thandizo nthawi ikadalipo, kaya kwa akauntanti wina kapena ku MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO womwe unakhazikitsidwa mu 1980.

Chachiwiri, njira zotetezera ndalama ndi udindo wa bodi. Izi ndi zinthu monga kuonetsetsa kuti wolandira ndalama asakhale yemweyo wolemba m’buku lalikulu, kuti cheke chisainidwe ndi anthu awiri, kuti mabuku a marisiti akhale ndi manambala otsatizana, komanso kuti buku la ndalama lifananizidwe ndi sitetimenti ya ku banki mwezi uliwonse.

Chachitatu, bodi imalonjeza kutsekulira odita zonse: mabuku, mafomu a ngongole, zolembedwa pa misonkhano, ndi mwayi wolankhula ndi wantchito kapena membala aliyense. Kumapeto kwa ntchito, wapampando ndi manejala amasainanso kalata ina yotsimikiza kuti palibe chimene anabisa, kuphatikizapo ngongole zimene a m’bodi eni ake kapena abale awo anatenga. Bodi ikati bokosi ili kapena buku ilo musaligwire, odita akhoza kukana ntchitoyo, kapena kulemba mu lipoti lake kuti walephera kupereka maganizo.

Chitsanzo cha m’tauni ndi kuphiri

Tiyerekeze kopaletivi ya mamembala 300. Mwa iwo 220 ndi a m’tauni, omwe amapita okha ku ofesi pafupi ndi msika waukulu, ndipo 80 ndi a kuphiri, ogulitsa zipatso ndi mbatata m’mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe. Kwa a kuphiriwa, kutsika ndi kukwera sabata iliyonse kumadya tsiku ndi ndalama, choncho bodi yasankha munthu mmodzi wotolera ndalama zawo Lachisanu lililonse, kulemba m’buku la membala aliyense, ndi kukapereka ku ofesi.

Tinene kuti chuma chonse cha kopaletiviyi pakutha pa chaka ndi K80,000,000, ndipo odita waika mlingo wake pa gawo limodzi mwa magawo 100, lomwe ndi K800,000. Pa ngongole 150 zimene zinaperekedwa, iye wasankha 25 n’kuona mafomu, chikole ndi kabwezedwe kake. Walembera ku banki kuti itsimikize ndalama zotsala mu akaunti, wawerenga za m’bokosi la mu ofesi, ndipo zonse zagwirizana.

Tsopano tinene kuti wotolera uja, m’kati mwa chaka, anadulako K5,000 pa ndalama za membala aliyense mwa anthu 30, zonse pamodzi K150,000. M’buku la mayi wina wa kuphiri mwalembedwa kuti wasunga K45,000, pomwe m’buku lalikulu la mu ofesi muli K40,000. Odita amene wakhala mu ofesi mokha sangaone kanthu. Ndalama zimene zinafika ku ofesi zinalembedwa bwino, zinapita ku banki, ndipo banki yavomera. Zimene sizinafike sizinasiye phazi m’buku lililonse la mu ofesimo. Komanso K150,000 ndi yochepa poyerekeza ndi mlingo wa K800,000, kotero ngakhale malipoti atatuluka ndi mawu akuti akusonyeza chithunzi choona, odita sananame. Koma kwa mayi uja, K5,000 ndi phindu la masiku angapo padzuwa.

Kusowa kwa ndalama zotere kumaoneka pokhapokha wina akayambira kwa membala kupita ku ofesi: kutenga buku la membala m’manja, kuliika pambali pa buku lalikulu, ndi kufananiza mzere ndi mzere. Apa ndi pamene kalata ya mgwirizano imagwira ntchito. Bodi yochenjera imauza odita, isanasaine, kuti pali ndalama zotoleredwa kutali ndi ofesi, ndipo imapempha kuti m’kalatamo mulembedwe kuti iye adzakwera kuphiri tsiku limodzi kukafananiza mabuku a mamembala amene adzasankhe yekha, osati osankhidwa ndi wotolera kapena manejala. Ntchitoyi idzakweza malipiro pang’ono chifukwa cha ulendo ndi nthawi, koma ikalembedwa imakhala lonjezo. Ngati bodi ikufuna kuti mabuku onse 80 aonedwe, imeneyo ndi ntchito yapadera yofunika mgwirizano wakewake, kapena ndi ntchito ya komiti yoyang’anira imene mamembala anasankha, yomwe ingachite zimenezi miyezi itatu iliyonse popanda kudikira kutha kwa chaka.

Izi sizikutanthauza kuti odita amanyalanyaza zazing’ono. Akapeza chizindikiro cha chinyengo, ngakhale cha K5,000, amayenera kufufuza mopitirira ndi kudziwitsa bodi, ndipo chinyengo chokhudza akuluakulu chimalemera kuposa kuchuluka kwa ndalamazo. Kalata imachenjezanso kuti ngakhale odita amasunga chinsinsi cha kopaletivi, pali nkhani zina zimene lamulo lingamukakamize kuzipereka kwa oyang’anira mabungwe a zachuma.

Zimene zidzatuluke, nthawi ndi malipiro

Kalata yabwino imatchula zikalata ziwiri zimene odita adzapereke. Choyamba ndi lipoti lopita kwa mamembala onse, lowerengedwa pa msonkhano waukulu wa pachaka. Lipotili likhoza kuvomereza malipoti a chuma kwathunthu, kuwavomereza kupatulapo mfundo yakutiyakuti, kuwakana kuti sakusonyeza zoona, kapena kunena kuti umboni unali wosakwanira kuti odita anenepo kanthu. Chachiwiri ndi kalata yopita ku bodi, yotchula zofooka zimene anaziona, monga marisiti odumpha manambala kapena ngongole zochedwa zimene zikuwerengedwabe ngati zabwino. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mamembala angachite bwino kufunsa pa msonkhano kuti kalata yachiwiriyi inatchula zotani ndipo bodi yachitapo chiyani.

Pa nkhani ya nthawi, kalata inene tsiku limene kopaletivi idzapereke mabuku otsekedwa, tsiku limene odita adzayambe, ndi tsiku la lipoti, zonse zisanadutse malire a nthawi amene oyang’anira anaika. Kawirikawiri kuchedwa kumayambira ku mabuku osatsekedwa, ndipo makalata ambiri amanena kuti maola owonjezera obwera chifukwa cha zimenezi adzalipidwa ndi kopaletivi. Pa malipiro, bodi ione ngati mtengo wolembedwawo ukuphatikiza msonkho, mayendedwe ndi malo ogona, makamaka ngati kampaniyo ikuchokera ku Blantyre. Mtengo usadalire zotsatira za lipoti. Odita wolonjezedwa ndalama zowonjezera lipoti likatuluka labwino sangaimenso payekha.

Musanasaine

Bodi itsimikize kuti kampaniyo ili m’kaundula wa Malawi Accountants Board ndiponso kuti wosaina lipoti ndi membala wa ICAM wololedwa kugwira ntchitoyi. Ifunse ngati iye, kapena wina wa m’gulu lake, ali ndi masheya, ngongole kapena m’bale wapamtima mu bodi ya kopaletiviyo. Kalata iwerengedwe pa msonkhano wa bodi yonse pamodzi ndi komiti yoyang’anira, imasuliridwe m’Chichewa ndime ndi ndime, ndipo zimene agwirizana zilembedwe. Wapampando ndiye asaine m’malo mwa kopaletivi, osati manejala yekha, popeza ntchito ya manejalayo ili m’gulu la zimene zikukaunikidwa. Kope limodzi libwerere kwa odita, lina lisungidwe mu ofesi.

Membala amene sali m’bodi ali ndi gawo lake. Asunge risiti iliyonse, aonetsetse kuti buku lake lalembedwa ndi kusainidwa pomwepo, ndipo kamodzi pachaka apite nalo ku ofesi kukapempha kuti lifananizidwe ndi buku lalikulu iye akuona.