Musanampatse makiyi a ERP, mufunseni izi

Kampani yogulitsa feteleza ikakula, mabuku a katundu, a ndalama ndi a malipiro amalowetsedwa m'pulogalamu imodzi yotchedwa ERP, monga SAP, Odoo kapena Sage. Thumba likatuluka m'nkhokwe, chiwerengero chimatsika pakompyuta ndipo akauntanti amaona ngongole ya kasitomala nthawi yomweyo. Woyang'anira pulogalamuyi ndiye wosunga makiyi a zipinda zonse.

Polemba udindo wake, mabwana ambiri amangotchula digiri ndi zaka zimene wagwira ntchito. Chofunika ndi ntchito yeniyeniyo: kutsegulira antchito maakaunti ndi kutseka a amene achoka tsiku lomwelo, kupatsa aliyense mphamvu zolingana ndi udindo wake, kukopera zonse tsiku ndi tsiku n'kuzisunga kwina, ndiponso kuyesera pambali zosintha zatsopano asanaziike m'pulogalamu yogwirira ntchito. Lembaninso zimene sadzachita. Iyeyu asalembe vocha, asavomereze malipiro. Amalawi tikudziwa chifukwa chake: pa Kashigeti mu 2013, anthu ankalowetsa malipiro abodza mu IFMIS ya boma, cheke chikatuluka n'kufufuta umboni.

Ndiye pa intavyu, muikireni nkhani patebulo. "Mayi, lero ndi pa 30, mabuku akutsekedwa. Invoisi ya matumba 460 yalowa kale, koma lole inanyamula 400. Bwana wa zachuma akuti muifufute msanga. Mutani?"

Woyankha kuti afufuta poti bwana walamula, ameneyo mutsanzikane naye mwaulemu. Wodziwa ntchito anena kuti invoisi yolowa kale siifufutidwa. Ayamba waona chikalata chotulutsira katundu chomwe dalaivala anasaina, kenako a ku akaunti alembe chikalata chobweza matumba 60, wina avomereze. Potero ngongole ya kasitomala itsika, matumba 60 abwerera m'buku la katundu, ndipo odita akadzabwera adzapeza dzina la amene anakonza, tsiku ndi ola. Ine ndimamvetseranso mmene akukanira bwanayo, chifukwa kukana wamkulu mosam'chititsa manyazi ndi luso limene adzalifuna mwezi uliwonse.

Funso lachiwiri ndi la bakapu. Musafunse ngati amasunga, aliyense avomera. Funsani kuti, "Munabwezeretsa liti komaliza, ndipo zinatenga maola angati?" Amene anachitapo atchula seva yoyeserera, nthawi imene zinatenga, mwinanso fayilo imene inakana kutseguka. Pitirizani: seva ikafa 3 koloko masana, bakapu ili ya usiku wathawu, malonda a m'mawa onse awapeza kuti? Ayenera kutchula malisiti ndi mapepala otulutsira katundu oti alowetsedwenso, kapena akuuzeni kuti kukopera kamodzi patsiku sikukwanira pa sitolo yotanganidwa chonchi m'nyengo yodzala.